Anangondiyankha kuti “ndi chiwawu, poperani”: ndiwafunsenso chiyani alangizi?

Funso: “Ndimalima mbatatesi kuno ku Tsangano. Masamba ayamba kuchita mawanga akuda, ndipo mapando ena akufota. Ndinajambula tsamba limodzi n’kutumiza pa WhatsApp kwa alangizi, koma anangoti, ‘Zikuoneka ngati chiwawu, poperani mankhwala.’ Sindikufuna kuwatopetsa, komabe sindikudziwa poyambira. Ndiwafunsenso chiyani kuti ndimve zenizeni?” Mayi wa ku Tsangano

Yankho:

Mayi, musaganize kuti alangiziwo akunyozani kapena kuti ntchito saidziwa. Tsamba limodzi lojambulidwa kumtunda kokha limanena zochepa kwambiri, ndipo mlangizi woona mtima sangalumbire pa chinthu chimene sanachione bwino, n’chifukwa chake anayamba ndi mawu akuti “zikuoneka ngati”. Amene mwaima m’munda ndinu, amene mungatembenuze tsamba, kudula phesi ndi kukumba pansi ndinu, choncho mafunso anu otsatira akhale ofuna kudziwa chinthu chimodzi ichi: kodi ndikaone chiyani m’mundamu chimene chingachotse chikaiko chimene alangizi ali nacho? Ambiri amathamangira kufunsa dzina la mankhwala, koma funso limenelo ndi lomalizira, ndipo likafunsidwa msanga limangobala yankho lina lachisawawa.

Funso loyamba likhale lakuti akuuzeni chimene aona pachithunzipo. Polifunsa pamafunika ulemu, chifukwa mukangolemba kuti “mwadziwa bwanji?” munthu angamve ngati mukumutsutsa. Mungalembe chonchi: “Zikomo alangizi poyankha. Kuti ndikathe kuzindikira pa mapando ena, mungandiuzeko chimene mwaona patsambalo chosonyeza chiwawu? Ndi mtundu wa bangalo, kaonekedwe kake, kapena malo amene lili?” Funso ili limam’bwezera munthu ku chithunzi kuti akachiyang’anenso mofatsa, pakuti kunena zoona, alangizi amalandira zithunzi zambiri patsiku ndipo zina amaziona ali panjinga yamoto kapena ali pamsonkhano. Akayankha kuti aona banga lalikulu lakuda lochokera kunsonga kwa tsamba, lokhala ndi mkombero wobiriwira motuwa m’mbali mwake, ndiye kuti mwapeza poyambira. Akayankha kuti chithunzicho sichikuoneka bwino ndipo angoganizira chifukwa ino ndi nyengo ya mvula, nalonso ndi yankho lothandiza, chifukwa mwadziwa kuti vuto lili pa chithunzi ndipo muyenera kujambulanso.

Funso lachiwiri ndi limene ine ndimaliona kuti ndi lofunika koposa onse, ndipo ndi limene alimi safunsa kawirikawiri: “Kupatula chimene mwanenacho, pali matenda ena amene amaoneka chimodzimodzi? Nanga ndingawasiyanitse bwanji?” Pa mbatatesi funso limeneli lili ndi ntchito yaikulu, chifukwa zimene timazitchula kuti chiwawu si matenda amodzi, ndipo inu mwatchulanso za kufota, kumene kungakhale kwa matenda ena achitatu osakhudzana n’komwe ndi mawangawo. Ndifotokoze zitatuzi kuti mudziwe yankho labwino likabwera.

Chiwawu choopsa kwambiri ndi chija chimakonda nyengo yozizira ndi yonyowa, ngati ya kumapiri a Tsangano ndi Angoniya m’miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene kumacha ndi nkhungu ndipo masamba amakhala onyowa mpaka dzuwa litakwera. Mawanga ake amayamba ngati tsamba lanyowa ndi madzi otentha, amakula msanga osasamala za mitsempha ya tsamba, amada, ndipo amagwiranso mapesi. Chizindikiro chake chodalirika chili kunsi kwa tsamba: m’mawa mame asanaume, m’mphepete mwa bangalo mumaoneka nguwi yoyera yopyapyala. Nyengo ikachilola, chiwawu chimenechi chimatha munda m’sabata imodzi kapena ziwiri. Pa mapaketi a mankhwala olembedwa m’Chipwitikizi chimatchedwa “míldio”. Chiwawu china n’choyenda pang’onopang’ono. Chimayambira pa masamba akale a m’munsi, mawanga ake ndi ouma, aang’onoang’ono, a bulauni, ndipo mukawayang’ana pafupi mumaona timizere tozungulira tina mkati mwa tinzake, pamene tsamba lozungulira bangalo limachita chikasu. Kawirikawiri chimagwira mbewu yokhwima kapena yosowa chakudya. Tsono pali matenda ofotetsa, oyamba ndi mabakiteriya okhala m’nthaka ndi m’mbewu yobzala. Phando limafota masana masamba akadali obiriwira, nthawi zina mbali imodzi yokha, n’kutsitsimuka usiku, kenako limafoteratu. Amenewa alibe mankhwala opopera, ndipo mlimi amene wagula paketi chifukwa cha kufota kotereku wataya mametikali ake pachabe.

Mwaona chifukwa chake funso lachiwirili limatsogola. Matenda atatu, zochita zitatu zosiyana, koma pa chithunzi cha tsamba limodzi louma onse angafanane. Mlangizi akakutchulirani zimene zikupikisana m’maganizo mwake, funso lachitatu limangobwera lokha: “Ndijambule chiyani, kapena ndiyese chiyani, kuti tidziwe chenicheni?” Ena amachita manyazi ndi funsoli poopa kuti akupatsa alangizi ntchito, koma zoona zake n’zakuti mukuwachepetsera ntchito, chifukwa m’malo moti aganizire okha, mukudzipereka kukhala maso awo m’munda.

Tiyerekeze kuti alangizi ayankha kuti, “Onani kunsi kwa tsamba m’mawa, ndipo phando lofotalo mulidule.” Mukapite m’munda dzuwa lisanaumitse mame, musankhe tsamba limene banga lake langoyamba kumene, osati limene lauma kale n’kupiringizika, chifukwa tsamba lofa limagwidwa ndi nguwi za mitundumitundu zimene zimabisa gwero la vutolo. Mulitembenuze, muliike pachikhatho kapena papepala loyera, muime mozembera dzuwa kuti lisawalire m’kamera, mupukute kagalasi ka foni ndi nsalu, kenako mugunde ndi chala pa sikirini pamene pali bangalo kuti foni ilunjike pomwepo. Musayandikize foni mopitirira, chifukwa mafoni ambiri salunjika bwino akayandikira kuposa utali wa chikhatho. Pambali pa tsambalo ikanipo ndalama yachitsulo kapena kamtengo ka machesi, kuti woona adziwe ngati bangalo ndi laling’ono ngati njere ya mapira kapena ladzaza theka la tsamba. Mujambulenso phando lonse kuyambira pansi mpaka kunsonga, kuti zioneke ngati vuto lili pa masamba akale kapena anthete, ndiponso chithunzi chimodzi cha munda muli chapatali, chosonyeza ngati mapando odwala aunjikana pamalo amodzi, atsata mzere, kapena ali ponseponse.

Phando lofotalo mulizule, mudule phesi lake pafupi ndi nthaka ndi mpeni woyera, ndipo kachidutswako mukapachike m’tambula yagalasi ya madzi oyera, nsonga yodulayo itangomira pang’ono. Tambulayo musaigwedeze. Pakapita mphindi zochepa, ngati ndi matenda ofotetsa aja, mudzaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika pang’onopang’ono kuchokera pa phesilo kulowa m’madzi. Mudulenso pakati mbatatesi imodzi ya paphando lomwelo. Mzere wa bulauni wozungulira chamkati pang’ono mwa khungu, umene ukafinyidwa umatuluka timadontho toyera, ukunena za matenda omwewo, pomwe kuwola kouma kofiirira kolowa kuchokera pakhungu kukunena za chiwawu cha nyengo yonyowa chija. Mukamaliza, mpeniwo muutsuke bwino musanakhudze nawo phando lina.

Potumiza zithunzi zatsopanozi pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye mamega ambiri, ndipo zimene zimatayika pochepetsapo ndi zomwe zija alangizi akufuna, monga nguwi yopyapyala ndi timizere ta m’kati mwa banga. Kuyambira mu 2023 pamwamba pa chithunzi chimene mukufuna kutumiza pamakhala kachizindikiro ka HD, ndipo mukakagunda chithunzi chimapita chooneka bwinoko. Njira ina ndi kudina kachizindikiro kophatikizira zinthu, n’kusankha Documento ngati foni yanu ili m’Chipwitikizi, kuti chithunzi chipite monga chilili. Ndikudziwa kuti kumidzi netiweki imavuta ndipo mamega ndi ndalama, choncho sindikunena kuti zonse zipite motero. Chithunzi cha kunsi kwa tsamba chokha n’chimene chikufunika kutumizidwa chosachepetsedwa, zinazo zingapite mwa nthawi zonse. Musanatumize, gwiritsani kapensulo ka pa sikirini kuzunguliza pamalo pamene mukufuna kuti aone, ndipo funso lililonse mulilumikize ku chithunzi chake pogwiritsa ntchito batani loyankhira uthenga la Responder, kuti alangizi asasokoneze chithunzi cha phando lofota ndi cha phando la mawanga.

Chithunzi sichinena mbiri ya munda, ndipo mbiriyo muyenera kuipereka musanafunsidwe. Uthenga wanu wachiwiri ungakhale wotere: “Alangizi, nazi zithunzi zina. Mbatatesi ndinabzala masabata asanu ndi awiri apitawo ndipo yayamba maluwa. Mawanga ndawaona masiku atatu apitawo kumunsi kwa munda kumene nkhungu imachedwa kuchoka, ndipo lero afika pakati. Mvula yagwa masiku anayi otsatizana. Kunsi kwa tsamba kuli zoyera, monga mukuonera pamene ndazunguliza. Phesi la phando lofota ndaliika m’madzi koma silinatulutse kanthu, kungoti lili ndi banga lakuda chapakati. Sindinapoperepo mankhwala chibzalire. Mbewu ndinasunga ya chaka chatha, ndipo pamalopa panali chimanga. Kodi ndi chiwawu cha nyengo yonyowa chija?” Taonani kuti funso lili kumapeto ndi limodzi lokha, ndipo ndi loti munthu angaliyankhe ndi inde kapena ayi, n’kuwonjezera chifukwa. Mlangizi amene walandira uthenga wotere sangayankhenso kuti “zikuoneka ngati”, chifukwa zonse zimene zinali kumukayikitsa zayankhidwa. Ngati kulemba kukuchedwetsani, uthenga wamawu ndi wabwinonso, bola ukhale waufupi ndipo zinthu zibwere mu ndondomeko yomweyo.

Pa mbiri yonseyi, mfundo ziwiri zimene zimalemera kwambiri ndi liwiro la kufala kwa mawanga ndi zimene munathira kale. Liwiro limasiyanitsa chiwawu choopsa ndi chija choyenda pang’onopang’ono kuposa mmene chithunzi chilichonse chingachitire. Za zimene munathira, ndikupemphani musabise kanthu, ngakhale mutakhala kuti munapopera mankhwala amene munagula pamsika opanda chizindikiro, kapena munagwiritsa ntchito bomba limene mnansi wanu anapoperera mankhwala opha udzu. Masamba opsa ndi mankhwala amafanana kwambiri ndi odwala, ndipo mlangizi amene sanauzidwe angakutumizeni kukagula mankhwala a matenda amene mulibe.

Matenda akadziwika, ndiye nthawi yofunsa za mankhwala yakwana, ndipo panonso “ndigule mankhwala ati?” ndi funso loperewera. Mufunse dzina la mphamvu imene ili m’kati mwa mankhwalawo, osati dzina la malonda lokha, chifukwa m’masitolo a ku Ulongwe kapena m’misika ya m’malire mankhwala amodzimodzi amabwera ndi mayina osiyanasiyana, ena a paketi ya Chipwitikizi, ena ya Chingerezi. Kenako mufunse kuti, “Kodi amenewa ndi oteteza kapena amalowa m’tsamba?” Kusiyana kwake n’kwakukulu. Mankozebu amakhala pamwamba pa tsamba n’kutchinga kuti matenda asalowe, motero sachiza tsamba limene lagwidwa kale, amakokoloka ndi mvula yamphamvu, ndipo satsatira masamba atsopano amene aphuka mutapopera. Metalakisili amalowa m’mbewu ndipo amatha kuimitsa chiwawu cha nyengo yonyowa chikangoyamba kumene, n’chifukwa chake amagulitsidwa ataphatikizidwa ndi mankozebu m’paketi imodzi. Komatu metalakisili sagwira chiwawu chija cha timizere tozungulira, ndiponso akapoperedwa mobwerezabwereza matenda amawazolowera, choncho funsaninso kuti mungawapopere kangati pa nyengo imodzi ndipo pakati pake muzisinthanitsa ndi ati. Mlangizi wosamala adzakuuzani kuti musapitirire kawiri kapena katatu.

Mlingo ndi pamene alimi ambiri amasochera, chifukwa paketi imanena za hekitala pomwe mlimi amagwira ntchito ndi bomba lakumsana. Musafunse kuti “ndithire wochuluka bwanji?” osanena kukula kwa munda ndi kwa bomba lanu. Tiyerekeze kuti paketi ikunena makilogalamu 2.5 pa hekitala, munda wanu ndi mamita 50 m’litali ndi 50 m’lifupi, ndipo bomba lanu ndi la malita 16. Munda umenewo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, choncho ukufunika magalamu 625. Ngati mukudziwa kuti pa msinkhu umene mbewu yafikawu mumamaliza mundawo ndi mabomba 10, ndiye kuti bomba lililonse lilandire magalamu 62 kapena 63. Manambala amenewa ndi chitsanzo chabe cha kawerengedwe, enieni ndi a papaketi imene mwagula, ndipo njira yabwino ndi kuijambula paketiyo kumbuyo kwake n’kutumiza kwa alangizi ndi funso lakuti, “Munda wanga ndi waukulu chonchi, ndimamaliza ndi mabomba akutiakuti, ndithire magalamu angati pa bomba?” Akakuyankhani ndi masipuni kapena mabokosi a machesi, funsani kuti ndi magalamu angati, chifukwa masipuni amasiyana khomo ndi khomo. Mungapemphe wogulitsa akuyezereni mlingo umodzi pa sikelo, inu n’kulemba mzere pa kachitini kamene muziyezera nthawi zonse, kosagwiritsanso ntchito kukhitchini.

Pachithunzi chomwecho cha paketi mufunsirepo za masiku oyenera kudikira kuchokera pa kupopera komaliza kufikira pokumba, amene pa mapaketi a Chipwitikizi amalembedwa kuti “intervalo de segurança”. Mufunsenso chochita mvula ikagwa mutangopopera, ndi masiku oyenera kudutsa musanabwereze, amene m’nyengo yonyowa kawirikawiri amakhala pakati pa 7 ndi 10.

Funso lina limene ndimalakalaka alimi akanamafunsa ndi lakuti, “Ndidzadziwa bwanji kuti zagwira ntchito, ndipo ndidzaone liti?” Ambiri amakhumudwa poona kuti mawanga akuda akadalipo atapopera, n’kuthamangira kukagula mankhwala ena. Tsamba lopsa silibwerera kukhala lobiriwira. Chosonyeza kuti matenda aima n’chakuti m’mphepete mwa mawanga mwauma, nguwi yoyera ya kunsi sikuonekanso m’mawa, ndipo masamba atsopano akutuluka oyera bwino. Kuti musadalire kukumbukira, mangani kachingwe pa mapando awiri kapena atatu tsiku lopopera, muwajambule, ndipo pakapita masiku anayi kapena asanu muwajambulenso mutaima pamalo omwewo. Zithunzi ziwirizo mukazitumiza pamodzi ndi funso lakuti “kodi zaima kapena zikupitirira?” alangizi amakhala ndi chofananizira chenicheni.

Za kuopa kuwatopetsa, ndinene monga munthu amene amalandira mauthenga otere. Chimene chimatopetsa si kuchuluka kwa mafunso, koma uthenga wakuti “thandizeni” wokhala ndi chithunzi chosaoneka, kapena mafunso asanu ndi limodzi othiridwa mu uthenga umodzi, amene munthu amayankhapo lomalizira lokha. Funsani limodzi, dikirani, chitani zimene mwauzidwa, bwerani ndi zotsatira. Ngati chithunzicho munachiika m’gulu la alimi ndipo mwayankhidwa ndi anthu ambiri mosiyanasiyana, musawerenge kuti ambiri anena chiyani. Funsani aliyense chimene waona, ndipo tsatirani amene watha kuloza chizindikiro pa chithunzipo. Wogulitsa mankhwala naye mum’funse funso lomwelo, ndipo wabwino sadzakwiya nalo.

Komabe, chifukwa chiwawu cha nyengo yonyowa sichidikira kuti netiweki ibwere, mu uthenga wanu wotsatira muikemo mawu akuti, “Podikira kuti titsimikize, n’chiyani chimene ndingachite lero chimene sichingaononge kanthu?” Ngati mwaona kale nguwi yoyera kunsi kwa masamba ndipo mawanga akufala tsiku ndi tsiku, ine sindingakulangizeni kudikira yankho kupitirira tsiku limodzi. Zulani mapando amene apseratu, muwatulutse m’munda ali m’thumba n’kuwakwirira kutali, muunjikire dothi pa mizere kuti mbatatesi za pansi zisaonekere, ndipo mupopere nyengo ikangolola masamba kuuma. Ngati m’tambula muja munatuluka timaulusi toyera, funso lanu lisinthe kotheratu: musafunsenso za mankhwala, koma za mmene mungachotsere mapando odwala pamodzi ndi dothi lake, kumene mungapeze mbewu yopanda matenda, ndi zaka zimene malowo ayenera kupuma osabzalapo mbatatesi, tomato, tsabola kapena fodya, pakuti zonsezi zimagwidwa ndi matenda omwewo.

Pali malire a zimene foni ingachite. Mukatumiza zithunzi kawiri, mwayankha zonse zimene mwafunsidwa, koma alangizi akukayikabe, musapitirize kujambula. Afunseni tsiku limene adzafike kudera lanu, kapena ngati mungawapititsire mbewuyo ku ofesi ya boma yoona za ulimi, ya SDAE. Mutenge phando lathunthu ndi mizu yake ndi mbatatesi zake, limodzi lodwala kwambiri ndi lina longoyamba kumene, mukulunge lililonse palokha m’nyuzipepala youma, ndipo mulifikitse tsiku lomwelo. Musalitsekere m’jumbo n’kuliika padzuwa, chifukwa pofika masana lidzakhala litawola ndipo zizindikiro zimene mumafuna kuti aone zidzakhala zitafafanizika.